Ndalama Zinafika pa Foni Koma Sizinafike M'manja: Funso la Kafukufuku Wanga

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa ndipo netiweki itayamba kubwerera m'madera ena a kummwera, ndinatumizira azakhali anga a ku Phalombe ndalama pa foni, chifukwa munda wawo unali utakokoloka ndipo khoma limodzi la nyumba yawo linali litagwa. Ndinaikaponso yotapira monga mwa nthawi zonse, ndipo uthenga wotsimikiza kuti ndalamazo zapita unafika pa foni yanga mphindi imodzi isanathe. Usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo, poganiza kuti kukacha azakhali agula ufa ndi pulasitiki yotchingira pamene pagwapo. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake, ndipo ndi zimene zasanduka mutu wa pulopozo ya kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri ya zachuma.

## Pa kauntala ya ejenti

Azakhali analawirira kupita pamsika ndipo anapeza ejenti woyamba atatseka. Wachiwiri, mnyamata amene amatapitsa ndalama m'golosale yake momwemo, anawalandira mwaulemu, anawerenga uthenga uja, kenako anawabwezera foni.

"Amayi, ndalama zanu zilimo ndithu, ndaziona, koma zoti ndikupatseni ndilibe. Chiyambire dzana aliyense akubwera kudzatapa, palibe ndi mmodzi yemwe amene wabwera kudzaika."

"Nanga mwanangu, poti mukuti zilimo, ndalamazo zili kuti?"

"Zili mufoni momwemo, amayi. Kuti zituluke ndiyenera kupita kuboma kukasinthitsa floti yanga ku banki, koma msewu ndi uja mwauona nokha."

Mnyamatayo sanali kunama ndipo sanali wankhanza. Anawauza kuti ngati akufuna atumize ndalamazo ku nambala yake, iye awapatse katundu wa m'golosale wa mtengo womwewo. Azakhali anatengadi mchere, sopo ndi ufa pang'ono umene unatsala pa shelefu, pa mtengo umene mwini golosale ananena, pakuti panalibe kwina koyerekeza. Koma mmisiri wokonza khoma ankafuna ndalama zogwirika, ndipo amene ankagulitsa chimanga m'mudzimo analibe foni. Pa zimenezi azakhali anakatenga katapila kwa munthu wina wa m'mudzi momwemo, pogwirizana kuti adzabweza ndi chiwongoladzanja akadzatapa ndalama zawo. Ndiye kuti munthu amene anali ndi ndalama zakezake mufoni anakongola ndalama za wina pa mtengo wowawa.

Chimene chinachitika pa kauntalapo chili ndi masamu ake. Ejenti aliyense amasunga mpamba wake m'matumba awiri, lina la ndalama zogwirika za m'kabati, lina la ndalama za mufoni zimene iwo amazitcha floti. Munthu akabwera kudzaika K10,000, kabati imaonjezekera K10,000 ndipo floti imatsika ndi K10,000. Akabwera wodzatapa, zimayenda mobwerera. Ejenti wa mpamba wa K300,000 amene wayamba tsiku ali ndi theka m'kabati ndi theka mufoni angathe kutumikira anthu tsiku lonse ngati oika ndi otapa akusinthana, koma akabwera anthu asanu otsatizana, aliyense kudzatapa K30,000, kabati yauma ndipo wachisanu ndi chimodzi abwerera chimanjamanja. M'tauni vutoli ndi laling'ono chifukwa banki ili pafupi ndipo oika ndi ambiri. Kumudzi ndalama zambiri zimayenda njira imodzi, kuchokera kwa ana ndi abale a m'tauni, ndipo zimachulukira nthawi imodzimodzi, pamene mudzi wonse wagwa m'mavuto.

## Funso lozungulira pamalo amodzi

Mapulopozo ambiri a nkhani imeneyi amene ndawerenga amafunsa kuti kodi kutumiza ndi kulandira ndalama pa foni kwathandiza bwanji kuti anthu ambiri afikiridwe ndi ntchito za zachuma. Funsoli limamveka lolemera, koma likayang'anitsitsidwa limapezeka kuti yankho lake lili kale m'kati mwake. Kafukufuku wa Global Findex, amene Banki ya Dziko Lonse yakhala ikuchita kuyambira 2011, amawerengera munthu kuti ali ndi akaunti ngati ali nayo ku banki kapena ngati wagwiritsapo ntchito akaunti ya pa foni m'miyezi 12 yapitayo. Tsono wophunzira akatenga kukhala ndi akaunti monga muyeso wa kufikiridwa, n'kutenganso akaunti ya pa foni monga chinthu choyambitsa, akhala akutsimikiza kuti kukhala ndi akaunti kumachititsa munthu kukhala ndi akaunti. Kompyuta idzamupatsa zotsatira zokongola, koma sadzaphunzirapo kanthu. Pa muyeso umenewo azakhali anga, tsiku limene ankapita kwa wakatapila, anali munthu wofikiridwa kotheratu.

Akatswiri amene anachita bwino pa nkhaniyi anafunsa funso lina. William Jack ndi Tavneet Suri anatsatira mabanja a ku Kenya, kumene njira yotumizira ndalama pa foni ya M-Pesa inayamba mu 2007, ndipo mu 2014 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti banja losagwiritsa ntchito M-Pesa likagwa m'vuto ladzidzidzi, monga matenda kapena kulephera kwa mbewu, zimene limagula ndi kudya zinkatsika ndi pafupifupi 7 peresenti, pamene za banja logwiritsa ntchito njirayi sizinkatsika, chifukwa linkalandira thandizo kuchokera kwa anthu ambiri ndiponso akutali. Mu 2016 awiriwa ananenanso kuti M-Pesa inatulutsa mabanja pafupifupi 194,000 mu umphawi wadzaoneni, ngakhale kuti chiwerengero chimenechi akatswiri ena, monga Milford Bateman ndi anzake, anachitsutsa mwamphamvu mu 2019. Chimene ndatengapo pa ntchito yawo si ziwerengerozo koma njira yake: sanafunse ngati munthu ali ndi akaunti, anafunsa chimene chimachitikira banja tsiku la tsoka, ndipo kufikiridwa anakuyeza ndi kuchuluka kwa maejenti pafupi ndi nyumba.

Pamenepa ndi pamene ndikusiyana nawo pang'ono. Kuwerenga maejenti kumatenga ejenti aliyense ngati wofanana ndi mnzake, pamene azakhali anapeza awiri pamsika umodzi ndipo panalibe amene akanawapatsa ndalama. Funso la pulopozo yanga ndalilemba motere: pakati pa mabanja a kumudzi amene ali ndi wachibale wowatumizira ndalama pa foni, kodi amene msika wawo uli ndi maejenti osasowa ndalama zogwirika amapewa katapila, kugulitsa ziweto mopupuluma ndi kugona ndi njala m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale kuposa amene maejenti awo amauma kawirikawiri? Ndasankha miyezi ya njala m'malo mwa namondwe chifukwa wophunzira sangakonze ndondomeko ya kafukufuku podikira tsoka limene sakudziwa kuti lidzagwa liti, pamene nyengo ya njala imafika chaka chilichonse ndipo imakakamiza anthu ambiri kutapa nthawi imodzi.

## Deta imene ilipo kale

Wophunzira wopanda ndalama zambiri amayamba wayang'ana ziwerengero zimene ena anasonkhanitsa kale, ndipo inenso ndinayambira pamenepo. Malipoti a Banki Yaikulu ya Malawi onena za njira zolipirira amapereka chiwerengero cha maakaunti olembetsedwa, amene agwiritsidwa ntchito m'masiku 90 apitawo, ndiponso chiwerengero cha maejenti, koma ndi za dziko lonse pamodzi ndipo sizingandiuze za banja limodzi. Global Findex amafunsa anthu pafupifupi 1,000 m'dziko, ndipo ulendo uliwonse amakhala anthu ena, kotero kuti sungatsatire munthu yemweyo kuchokera pa nthawi ya zokolola kufika pa nthawi ya njala. Kafukufuku wa FinScope, amene anachitika kuno mu 2008, 2014 ndi 2023, ali ndi mafunso ozama pa za kusunga ndi kukongola ndalama, koma naye ndi chithunzi cha nthawi imodzi. Zonsezi ndidzazigwiritsa ntchito m'mutu woyamba pofotokoza mmene zinthu zilili m'dziko, osati poyankha funso.

Imene inandikopa kwambiri ndi deta ya kafukufuku wa m'mabanja wa NSO, ofesi ya boma yosonkhanitsa ziwerengero ya ku Zomba. Ulendo wake wachisanu, wa 2019 mpaka 2020, unafikira mabanja oposa 11,000, ndipo pali gulu lina la mabanja limene linafunsidwa mobwereza mu 2010, 2013, 2016 ndi 2019. Zaka zimenezi n'zosiririka, chifukwa Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba mu 2013, kutanthauza kuti ulendo wa 2010 umaonetsa mabanjawo njirazi zisanabwere. Koma pali zopinga ziwiri. Choyamba, pofuna kuteteza anthu amene anayankha mafunso, malo a midzi m'fayilo imene imaperekedwa kwa aliyense amasunthidwa dala, mpaka makilomita 2 m'tauni ndi makilomita 5 kumudzi. Munthu amene akufuna kudziwa ngati banja lili pa mtunda wa kilomita imodzi kapena itatu kuchokera kwa ejenti sangadalire malo amene asunthidwa ndi makilomita 5, ndipo kulakwika kotereku kumakonda kuchepetsa zotsatira mpaka wofufuza n'kunena kuti palibe kusiyana pamene kulipo. Chachiwiri, m'fayilomo mulibe chilichonse chonena za ndalama zimene zinali m'kabati ya ejenti. Choncho pulopozo yanga ikupempha chilolezo chosonkhanitsa deta yangayanga.

## Kuyeza kabati ya ejenti

Gawo limene landitengera nthawi yaitali kuposa ena onse ndi la mmene ndingadziwire kuti msika wakutiwakuti uli ndi maejenti odalirika. Njira yapafupi ndi kumufunsa ejentiyo kuti pa sabata amabweza anthu kangati chifukwa chosowa ndalama, koma yankho lake silingakhale lolunjika. Wina adzachepetsa poopa kuti wofunsayo watumidwa ndi kampani, wina adzakokomeza poganiza kuti kukubwera ngongole ya mpamba. Mabuku amene maejenti amalembamo otapa ndi oika amangosonyeza amene anathandizidwa, pamene ine ndikufuna amene anabwezedwa, ndiponso muli manambala a foni a anthu amene sanandipatse chilolezo chowaona. Mabukuwo sitidzawajambula kapena kuwakopera.

Njira imene ndasankha ndi yotuma wothandizira kafukufuku kupita pamsika ngati kasitomala wamba kukayesa kutapa K30,000, ndalama imene ikufanana ndi imene banja lingalandire kuchokera kwa mwana wa m'tauni. Akakanidwa kwa ejenti woyamba apite kwa wachiwiri, monga mmene munthu aliyense amachitira, mpaka onse a pamsikapo atatha. Chimene tidzalembe ndi chakuti pa ulendowo ndalama inatapika pamsikapo kapena ayi, inatapika yonse kapena theka, ndipo chifukwa chokanira chinali kusowa ndalama, kuvuta kwa netiweki kapena kutseka. Zifukwazi ziyenera kusiyanitsidwa, chifukwa netiweki ndi nkhani ya nsanja ndi magetsi pamene kabati youma ndi nkhani ya mpamba ndi mtunda wa ku banki. Msika uliwonse udzayenderedwa maulendo 8 pakati pa Seputembala ndi Novembala, ena pa tsiku la msika ndipo ena pa tsiku wamba, ena m'mawa ndipo ena madzulo, pakuti kabati imene ili yodzaza 9 koloko m'mawa ingathe kukhala itauma pofika 3 koloko. Msika umene ndalama yatapika maulendo 7 mwa 8 upeza 0.88, umene yatapika maulendo 3 upeza 0.38, ndipo misika idzagawidwa pawiri, theka lapamwamba ndi theka lapansi.

Njirayi ili ndi vuto la chikumbumtima limene komiti yoona za ufulu wa anthu pa kafukufuku idzalifunsa ndithu. Wothandizira wanga akatapa K30,000 pamsika wosauka, mayi amene ali kumbuyo kwake pamzere angathe kubwerera wopanda kanthu chifukwa cha kafukufuku wanga. Ndalemba kuti ndalamayo ikatapidwa iikidwenso kwa ejenti yemweyo nthawi yomweyo, kuti kabati ibwerere mmene inalili, ndipo ejenti apezapo komishoni yake. Maejenti onse adzauzidwa pachiyambi, ndi kupemphedwa chilolezo, kuti m'miyezi imeneyi kudzabwera anthu oyesa, koma sadzauzidwa tsiku kapena nkhope. Yotapira ya maulendo onsewa iyenera kulowa mu bajeti, chifukwa misika 44 kuchulukitsa ndi maulendo 8 ndi maulendo 352, ndipo uliwonse umene ndalama yatapika umadya yakeyake.

Nthawi yoyezera nayo ndainena dala. Ndikanayeza m'Febuluwale mwenimwenimo, msika wa mudzi umene njala yakula kwambiri ukanaoneka wouma chifukwa chakuti anthu ambiri akutapa, ndipo ine ndikananena kuti kuuma kwa maejenti kwabweretsa njala pamene njala ndi imene yaumitsa maejenti. Kuyeza njala isanafike kumachepetsa chisokonezo chimenechi. Sindinasankhenso Juni, chifukwa nthawi ya zokolola ogula mbewu ndi alimi amayendetsa ndalama zambiri pamisika ndipo kusiyana kwa maejenti kungabisike.

## Mafunso a pakhomo

Banja lililonse lidzafunsidwa kawiri, mu Juni anthu atakolola ndi mu Febuluwale wotsatira. Zotsatira zimene ndikuyang'ana ndi zitatu zokha: ngati banja latenga katapila m'masiku 30 apitawo, ngati lagulitsa mbuzi, nkhuku, njinga kapena katundu wina kuti ligule chakudya, ndi masiku angati mwa 7 apitawo amene linachepetsa chakudya kapena kudumphitsa nkhomaliro. Ndapewa kudalira kuchuluka kwa makwacha chifukwa mtengo wa kwacha sukhazikika. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo zoterezi zitachitika pakati pa maulendo awiriwa, kuyerekeza ndalama za mu Juni ndi za mu Febuluwale kungasokeretse. Funso loyankhidwa kuti inde kapena ayi silikhudzidwa ndi zimenezo, ndipo pamene ndalama ikufunikadi tidzalembanso mtengo wa chimanga wa tsikulo pamsika womwewo.

Funso lakuti muli ndi akaunti ya pa foni ndaligawa panayi, chifukwa kumudzi silikhala ndi yankho limodzi. Tidzafunsa kuti simukhadiyo inalembetsedwa m'dzina la ndani, foni imakhala ndi ndani usana, nambala yachinsinsi akuidziwa ndani, ndipo amene amapita kwa ejenti ndi ndani. Si zachilendo kupeza kuti simukhadi ili m'dzina la mwana amene anali ndi chiphaso cha unzika pa nthawi yolembetsa, foni amayenda nayo bambo, ndipo nambala yachinsinsi amaisunga mdzukulu wa ku sekondale. Mayi wa m'banja loterolo akafunsidwa funso limodzi lokha angayankhe kuti inde kapena kuti ayi, ndipo mayankho onse awiri angakhale oona. Tidzafunsanso za banki mkhonde, chifukwa banja limene lili m'gulu lotere lili ndi kwina kothawira ejenti akauma, ndipo kusaliwerengera kungasokoneze zotsatira.

## Mabanja angati

Chiwerengero cha mabanja sichiyenera kungotchulidwa chifukwa chikumveka chachikulu. Tiyerekeze kuti m'midzi ya misika youma theka la mabanja limachita chimodzi mwa zinthu zowawazi m'nyengo ya njala, ndipo ndikufuna kuzindikira kusiyana ngati m'midzi ya misika yodalirika ndi mabanja 40 mwa 100 alionse. Pa miyeso imene imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, ya 5 peresenti pa mwayi wonena zabodza ndi 80 peresenti pa mphamvu yozindikira, masamu ake ndi awa:

```
n = 2 * (1.96 + 0.84)^2 * p * (1 - p) / d^2
deff = 1 + (m - 1) * icc
```

Poika p, gawo la mabanja ochita chinthu chowawacho, kukhala 0.5 ndi d, kusiyana kumene ndikufuna kuzindikira, kukhala 0.10, gulu lililonse lifunika mabanja 392, onse pamodzi 784. Koma mabanja a m'mudzi umodzi amafanana, chifukwa mvula yawo, msika wawo ndi msewu wawo ndi umodzi, kotero kuti mabanja 15 a m'mudzi umodzi sapereka nzeru zofanana ndi mabanja 15 a m'midzi yosiyana. Mzere wachiwiri uja ndi wokonza zimenezi. Ndikatenga mabanja 15 pa mudzi ndi kuyerekeza kuti kufanana kwawo ndi 0.05, chochulukitsira chimakhala 1.7, ndipo 784 uja amakwera kufika pa mabanja oposa 1,300 m'midzi pafupifupi 90. Wophunzira wodzilipirira yekha sangakwanitse zimenezo kawiri.

Chimene ndachita ndi kuvomera kuti kafukufuku wanga adzatha kuona kusiyana kokulirapo kokha. Ndikakweza d kufika pa 0.15, mabanja ofunika amatsika kufika pa 348, ndipo pochulukitsa ndi 1.7 amakhala pafupifupi 600. Ndaonjezerapo gawo limodzi mwa magawo 10 chifukwa m'Febuluwale ena adzakhala atapita ku ganyu kutali kapena atasamuka, ndipo zathera pa mabanja 660 m'midzi 44 ya m'maboma a Phalombe, Mulanje ndi Zomba. Mudzi uliwonse uyenera kukhala wa msika wakewake, chifukwa midzi iwiri yotapa pamsika umodzi ndi gulu limodzi m'masamu ngakhale mafumu ake ali awiri, ndipo uyenera kukhala pa mtunda wosapitirira makilomita 3 kuchokera pamsikapo, kuti kusiyana kukhale kwa kabati osati kwa miyendo. Ndalembanso momveka bwino m'pulopozomo kuti ngati sindidzapeza kusiyana, sizidzatanthauza kuti kulibe, koma kuti ngati kulipo mwina n'kochepera pa mabanja 15 mwa 100.

## Funso la aphunzitsi

Kasanthulidwe kake ndi koyerekeza kusintha ndi kusintha. Sindidzayerekeza midzi ya misika yodalirika ndi ya misika youma mwachindunji, chifukwa imasiyana kale pa zambiri. Ndidzaona mmene banja lililonse lasinthira kuchoka mu Juni kufika mu Febuluwale, kenako ndidzayerekeza kukula kwa kusinthako pakati pa magulu awiriwa. Mwachitsanzo, ngati otenga katapila akwera kuchoka pa 10 kufika pa 45 mwa 100 m'midzi ya misika youma, koma akwera kuchoka pa 8 kufika pa 28 m'midzi inayo, kusintha koyamba ndi 35, kwachiwiri ndi 20, ndipo chimene ndikufuna ndi 15 wotsalayo. Manambala amenewa ndi ongoyerekezera, deta sinasonkhanitsidwe. Mu Stata, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira deta, lamulo lake ndi lalifupi:

```
xtset banja ulendo
xtreg katapila i.njala##i.msika_wodalirika if wotumiza==1, fe vce(cluster msika)
```

Njirayi imachotsa zonse za banja zimene sizisintha pakati pa maulendo awiriwa, monga maphunziro a mutu wa banja, kukula kwa munda ndi mtundu wa dothi. Aphunzitsi amene akuyang'anira ntchito yanga atawerenga gawoli anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, msika umene maejenti ake sauma uli pafupi ndi chiyani?" Ndinayankha kuti kawirikawiri umakhala pafupi ndi msewu wabwino ndi banki. Iwo anati, "Ndiye msewu womwewo sungabweretse chimanga chotsika mtengo m'Febuluwale? Sungabweretse ganyu? Mudzadziwa bwanji kuti amene wapulumutsa banjalo ndi ejenti osati msewu?"

Funsoli ndi lolondola, chifukwa phindu la msewu limakula nthawi ya njala, ndipo kuyerekeza kusintha ndi kusintha sikulichotsa. Yankho limene ndalemba lili m'kasankhidwe ka mabanja. Msewu umathandiza aliyense m'mudzi, koma kabati ya ejenti imathandiza makamaka banja limene lili ndi wina wolitumizira ndalama. Choncho m'mudzi uliwonse, kuonjezera pa mabanja 15 amene ali ndi wowatumizira, tidzafunsanso mabanja 5 amene mu Juni ananena kuti alibe wachibale aliyense wowatumizira. Ngati kusiyana kwa misika kudzaoneke mwa oyambawo koma osaoneka mwa achiwiriwa, umboni udzaloza kwa ejenti. Ngati kudzaoneke mofanana m'magulu onse awiri, ndiye kuti ndakhala ndikuyeza msewu, ndipo ndiyenera kudzalemba choncho. Gulu la banja lidzatsimikizidwa mu Juni ndipo silidzasinthidwa, chifukwa kulandira ndalama m'Febuluwale n'kumene kukufufuzidwa ndipo sikungakhalenso chosankhira. Mtengo wa chimanga pamsika uliwonse, mtunda wa ku msewu wa tala, ndi ngati banja likulandira Mtukula Pakhomo kapena chimanga cha thandizo, zonsezi zidzalowa m'masamu.

Mabanja 5 pa mudzi ndi 220 okha, ndipo ndi ochepa moti mayeso amenewa adzangopereka chizindikiro, osati chigamulo. Ngakhale chizindikirocho chitakomera maganizo anga, palibe amene anagawa maejenti odalirika mwamaere, monga mmene Catia Batista ndi Pedro Vicente anachitira kummwera kwa Mozambique pamene anasankha mwamaere midzi yoyamba kulandira maejenti a mKesh, njira ya kumeneko yotumizira ndalama pa foni. Kumeneko wofufuza angathe kunena molimba mtima kuti ichi chachititsa icho. Ine ndidzangonena kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi mwa njira imene msewu wokha sungaifotokoze bwino, ndiponso kuti zotsatirazo ndi za maboma atatu a kummwera m'nyengo imodzi ya njala, imene ingakhale yowawa kapena yopepuka kuposa zaka zina. Aphunzitsi avomera kuti pulopozo ipite ku komiti, koma apempha kuti ndiyambe ndayesa njira yotapira ija pa misika inayi yokha, kuti tione ngati K30,000 ikusiyanitsadi misika, chifukwa ngati ikutapika paliponse kapena ikukanika paliponse, ndalamayo iyenera kusinthidwa mabanja asanayambe kufunsidwa.